Malire a phokoso amayezedwa pakhomo pa aneba

"Tikufuna kubwereka zoyimbira ndi dije pa phwando lomwe lichitikire panja pa nyumba yathu, koma aneba ali pafupi. Titani kuti tisadzayambane nawo, nanga zidazo tiziyese bwanji tisanalipire?"

Achemwali, musapite kwa aneba ndi mawu oti "sitikweza kwambiri." Mawu amenewa ndi omwe amayambanitsa anthu, chifukwa chimene dije amati pang'ono, kwa mayi amene akugoneka khanda kuseri kwa mpanda ndi phokoso losagonetsa. Mugwirizane nambala, ndipo nambalayo muipeze pa tsiku loyesa zida, anebawo ali pompo.

Muuzeni mwini zida abwere chakumadzulo kutatsala tsiku limodzi kuti phwando lichitike, ndi zida zomwezo zimene adzagwiritse ntchito, aziike pamalo pomwe zidzakhale. Kukamvera kunyumba kwake sikuthandiza. Ndikuti chakumadzulo chifukwa masana phokoso la magalimoto ndi la anthu limabisa zambiri, pomwe usiku kukakhala zii nyimbo yomweyo imamveka ngati yakwezedwa.

Ikani pa foni pulogalamu yoyezera phokoso. Siilondola ngati makina enieni, koma mukamagwiritsa ntchito foni imodzi yomweyo imakwanira kufananizira. Phokoso limayezedwa m'madesibelo, ndipo panja, mtunda ukawirikiza kawiri, limatsika ndi madesibelo pafupifupi 6. Tiyerekeze kuti foni ikuonetsa 100 pa mita imodzi kuchokera pa sipika. Pa mamita 2 mupeza 94, pa mamita 4 mupeza 88, pa 8 ndi 82, pa 16 ndi 76, ndipo pa mamita 32 mupezabe 70. Anthu akamacheza bwinobwino amakhala cha pa 60. Ndiye kuti aneba omwe khomo lawo lili pa mamita 32 akumva nyimbo yanu mokweza kuposa munthu amene akulankhula nawo maso ndi maso.

Kuti pakhomopo pafike pa 60, dije atsitse ndi madesibelo 10, zomwe khutu limamva ngati phokoso latsika ndi theka. Vuto ndi loti ovina omwe ali pa mamita 4 atsala ndi 78, ayamba kudandaula kuti sizikumveka. Apa musakweze. Sendezani masipika pafupi ndi povinira, afulatire nyumba ya aneba, ndipo muwaike pa zoimikira kuti akhale pamwamba pang'ono pa mitu ya anthu. Masipika akaikidwa pansi, mawu amathera m'matupi a anthu akutsogolo, akumbuyo nkumakuwa kuti akweze.

Koma dziwani kuti kutembenuza sipika kumachepetsa mawu opyapyala okha. Besi imapita mbali zonse, imadutsa khoma, ndipo maikolofoni a foni nthawi zambiri saimva bwino. Ine zinandionekera pa phwando la mlongo wanga. Foni inkaonetsa nambala yabwino pa mpanda, koma aneba atandilowetsa m'chipinda chawo ndinapeza galasi la zenera likunjenjemera, kapu ya madzi pa tebulo ikuchita timafunde. Choncho apempheni mulowe m'chipinda chomwe amagona, mutseke mazenera, mumuimbire dije atsitse besi pang'onopang'ono mpaka iwo eni anene kuti apa tikhoza kugona.

Mukafika pamenepo, matani kaselotepi pa mikisa, makina omwe dije amakwezera ndi kutsitsira mawu, pamalo pomwe kabatani ka MASTER, kokwezera mawu onse, kaima, wina pa kabatani ka besi, mujambule chithunzi. Dije aliyense amakweza usiku ukamapita, osati mwamwano, koma makutu ake amatopa ndipo anthu akachuluka amameza mawu. Selotepiyo imathetsa mkangano.

Zidazo zisewere mphindi zosachepera 30 mosalekeza, chifukwa ampulifaya yodwala imazima ikatentha. Yang'anani kanyali kolembedwa CLIP kapena PEAK: kakamayaka kofiira nthawi zonse, zidazo zikukakamizidwa, mawu azituluka osasa ndipo sipika ikhoza kupsa phwando lili mkati. Nyimbo ikaima, mverani ngati pali kung'ung'udza, komwe kawirikawiri kumachokera ku waya woduka mkati kapena magetsi olumikizidwa molakwika. Tengani maikolofoni muyende nayo ponse pomwe olankhula adzaime. Ikalira mwa likhweru, kawirikawiri ndiye kuti muli kutsogolo kwa sipika kapena pafupi nayo kwambiri. Ngati kudzakhale jenereta, iyesedwe nayonso zida zonse zili zoyaka, ndipo nayo ili ndi phokoso lake, isaikidwe kumpanda kwa aneba.

Pa pepala lomwe musainirane ndi mwini zida mulembe kuti selotepi sadutsa, ola lotsitsa besi, ndi ola lozimitsa, ndipo ndalama yotsala mudzapereke phwando litatha. Fufuzaninso ngati kwanuko kuli lamulo la ola lomwe phokoso liyenera kuleka, chifukwa chilolezo cha aneba sichiposa lamulo. Aneba muwapatse maola omwewo ndi nambala ya foni ya munthu mmodzi amene dije akumudziwa kuti akanena kuti tsitsani, amatsitsa. Asakhale inuyo, poti tsikulo foni yanu simudzaimva.