Foni ya mainchi 6.5 ndi thumba la thalauza

*"Anzanga a pa Zomba, ndithandizeni. Ndili ndi iPhone 8 Plus ya mainchi 5.5 ndipo imangokwanira ndendende m'thumba la jinzi. Wina akufuna tisinthane ndi Galaxy A12 ya mainchi 6.5. Inchi yonse yowonjezerayi, kodi ilowa m'thumba, kapena ndiziyenda nayo m'manja?"*

Achimwene, ilowa, ndipo pakamwa pa thumba idutsa mosavutirapo pang'ono kuposa yomwe muli nayoyo. Chomwe muyenera kuyeza ndi kuya kwa thumbalo basi. Zikumveka zosokonekera, ndikudziwa, koma nambala ya mainchi imene amalemba pa katoni siyeza zomwe ambirife timaganiza.

Nambala ija si mulitali wa foni, komanso si mulifupi. Ndi mzere wochoka pa kona ya m'munsi ya sikirini kukafika pa kona ya m'mwamba ya mbali inayo, modutsa pakati. Ndiponso amayeza gawo lokhalo lomwe limayaka, osawerengera mkombero wakuda wozungulira sikirini kapena thupi la foniyo. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, ndiye 5.5 ndi pafupifupi masentimita 14, pamene 6.5 ndi masentimita 16.5. Mukatenga tepi ya telala, yomwe mbali ina imakhala ya mainchi ina ya masentimita, n'kuyeza kona ndi kona, mupeza nambala zimenezi.

Vuto n'lakuti mzere wa kona ndi kona pawokha sukuuzani maonekedwe a chinthu. Amisiri omanga nyumba akafuna kuti kona ya fawundeshoni iwongoke amayeza 3 mbali ina, 4 mbali ina, ndipo chingwe cha pakati chimayenera kukwana 5. Koma chipinda cha mamita 1.4 mulifupi ndi 4.8 mulitali nachonso chingwe chake cha kona ndi kona ndi mamita 5 ndendende. Choyambacho mungaikemo bedi ndi tebulo, chinacho ndi kakhonde chabe. Chingwe ndi chimodzimodzi, koma malo a chachiwiricho ndi ongopitirira pang'ono theka la a choyamba. Masikirini nawo ali choncho: pa mainchi ofanana, sikirini ikamatalika imakhalanso ikuonda, ndipo malo ake onse amachepa.

Choncho pafunika nambala yachiwiri, yosonyeza kuti mulitali ndi wochuluka kangati poyerekeza ndi mulifupi. Amailemba ngati 16:9 kapena 20:9. Mafoni ambiri a zaka za m'mbuyomu, kuphatikizapo yanuyo yomwe inatuluka mu 2017, anali a 16:9. Kuyambira chaka chomwecho opanga mafoni anayamba kuwatalikitsa, mpaka lero ambiri ali pa 19.5:9 kapena 20:9. Ngati pa katoni sanalembe nambalayi, yang'anani ya timadontho ta sikirini, n'kugawa yaikulu ndi yaing'ono. Galaxy A12 ndi ya `720 x 1600`; 1600 kugawa ndi 720 yankho ndi 2.22, kutanthauza 20:9. Yanuyo ndi ya `1080 x 1920`, yankho 1.78, ndiye 16:9.

Masamu ake ndi a Pythagoras omwe aja a ku sekondale. Pa sikirini ya 20:9 akuyenda chonchi:

```
√(20² + 9²) = √481 = 21.93
mulifupi = 6.5 × 9 ÷ 21.93 × 2.54 = 6.8 cm
mulitali = 6.5 × 20 ÷ 21.93 × 2.54 = 15.1 cm
```

Mukachita chimodzimodzi pa sikirini yanu ya 5.5, kuika 16 pamene pali 20, 5.5 pamene pali 6.5, ndi 18.36 pamene pali 21.93, mupeza mulifupi wa masentimita 6.85 ndi mulitali wa masentimita 12.2. Taonani bwino pamenepa. Mulifupi masikirini awiriwa ndi ofanana, mwinanso tinene kuti ya 6.5 ndi yoonda ndi kachidutswa kosakwana milimita imodzi. Inchi yonse yomwe ikukudetsani nkhawa ija yapita ku mulitali, pafupifupi masentimita atatu. Sikirini ya 6.5 ikanakhala ya 16:9 ngati zakale, mulifupi wake ukanapitirira masentimita 8, ndipo imeneyo ndiye mukanaiyendera m'manja.

Amene safuna za masikweya ruti angogwira izi: pa foni ya 20:9, nambala ya mainchi ndi pafupifupi mulifupi wa sikirini mu masentimita, kungowonjezera pang'ono. Chulukitsani ndi 1.04 kuti mupeze mulifupi, ndi 2.32 kuti mupeze mulitali. Pa ya 16:9 chulukitsani ndi 1.25 komanso 2.21.

Ndidutsepo pang'ono pa nkhani ya mpira, poti ambiri amasintha foni n'cholinga choti azionera bwino. Makanema ambiri amajambulidwa pa 16:9. Mukaigoneka foni ya 20:9, chithunzi chimalekezera pa mulifupi uja wa 6.8, ndiye chimatambasuka masentimita 12 okha, mbali zonse ziwiri n'kutsala mdima. Kona ndi kona, kanemayo amakhala wa mainchi 5.4. Ndiye ngati mukusinthira mpira, simupindula kanthu. Phindu la sikirini yaitali lili powerenga mauthenga ndi nkhani, chifukwa mizere yambiri imaoneka nthawi imodzi.

Tsopano m'thumba simulowa sikirini yokha, mumalowa foni yonse, ndipo apa m'pamene mkombero umasokoneza zinthu. Yanuyo ili ndi chipumi chachikulu m'mwamba ndi malo a batani lozungulira lija m'munsi. Thupi lake ndi mamilimita 158.4 mulitali, 78.1 mulifupi, ndi 7.5 kuchindikala. Sikirini ndi ya masentimita 12.2 koma foni ndi ya 15.8, ndiye kuti masentimita oposa atatu ndi theka ndi mkombero wokhawokha. Galaxy A12 thupi lake ndi mamilimita 164 mulitali, 75.8 mulifupi, 8.9 kuchindikala. Sikirini inakula ndi masentimita atatu, koma foni inatalika ndi mamilimita osakwana asanu ndi limodzi, chifukwa sikiriniyo inadya malo omwe kale anali a mkombero. Mulifupi ndi yoonda ndi mamilimita awiri. Kulemera n'kofanana, zonse zimangopitirira pang'ono magalamu 200.

Nambala zitatu zimenezi, zolembedwa ndi `mm` pa mzere wa `Dimensions`, ndi zomwe ine ndimayang'ana munthu akandifunsa za thumba. Za mainchi ndimaziona pomaliza.

Pa mulifupi pali kanthu kamene ambiri amaiwala. Thumba ndi nsalu ziwiri zosokedwa pamodzi, ndipo foni ikalowa nsaluyo imayenera kuizungulira, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali monse. Choncho thumba loyalidwa pansi liyenera kukhala ndi mulifupi wosachepera mulifupi wa foni kuphatikiza kuchindikala kwake. Yanuyo: 78.1 kuphatikiza 7.5 ndi 85.6. Inayo: 75.8 kuphatikiza 8.9 ndi 84.7. Kusiyana ndi milimita imodzi yokha, n'chifukwa chake ndati idutsa. Koma mukaiveka kava yalabala yochindikala, ya makona otupa aja, tiyerekeze kuti yawonjezera mamilimita awiri mbali iliyonse ndi atatu kumbuyo ndi mlomo wa kutsogolo, mwafika pa 92. Labala amagwiranso nsalu, ndiye potulutsa foni thumba limatuluka nalo limodzi. Anthu ambiri odandaula kuti foni ndi yaikulu, wolakwa amakhala kava.

Kuya ndiye nkhani yeniyeni. Kukamwa kwa thumba la kutsogolo sikukhala kowongoka: pa jinzi kumakhota, pa thalauza ya suti kumapendekeka. Muyeze kuya kuyambira pamalo otsikitsitsa a kukamwako, kufupi ndi msoko wa m'mbali, osati kuchokera pa lamba. Ngati kuchokera pamenepo kufika pansi pa thumba pali masentimita 17 kapena kuposerapo, foni ya 16.4 ibisika yonse. Akakhala 14, kona imodzi izisuzumira panja, ndipo mu chipwirikiti cha mumsika wa Zomba kapena pa depoti, kona yosuzumira ndi yomwe imaitana zala za akuba.

Ngakhale italowa yonse mutaimirira, mayeso enieni ali pokhala pansi. Mukakhala, ntchafu imapindika pa chiuno, koma foni sipindika. Ngati thumba ndi lakuya, foni imatsikira pa ntchafu n'kugona nayo limodzi, osamva kanthu. Likakhala lalifupi, mutu wa foni umakhala pamalo penipeni popindikira. Pamenepo zimachitika ziwiri: mwina kona ikubayani m'chiuno, kapena ntchafu imaikankha kuchokera pansi, foni n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kutuluka. Pa kabaza wanjinga yamoto wopita ku Chinamwali, miyendo itatangadza, mawondo atakwera, msewu ukugwedeza, m'pamene mafoni ambiri amagwera. Mu minibasi ya ku Limbe n'chimodzimodzi mukakhala pampando womwe mawondo amafika pachifuwa. Apa mamilimita asanu ndi limodzi owonjezera aja akhoza kumveka ndithu, poti mwanena kuti yanuyo imangokwanira ndendende.

Thumba la kumbuyo ndilisiye mwachidule: foni yaitali, yopyapyala, mukaikhalira imapindika pakati, ndipo galasi silichedwa kung'aluka. Azimayi ndiye ali pamavuto ena, chifukwa majinzi awo ambiri matumba akutsogolo amakhala osaya kwambiri moti ngakhale foni yaing'ono imatulukira theka.

Musanasinthane, dulani katoni ya masentimita 16.4 mulitali ndi 7.6 mulifupi. Ngati mudzaike kava, dulani 16.8 ndi 8. Phatikizani zidutswa zingapo mpaka zichindikale pafupifupi sentimita imodzi, muzimange ndi selotepi kuti zisapindike. Ikani m'thumba la jinzi yomwe mumavala kawirikawiri, khalani pampando wotsika, nyamulani bondo ngati mukukwera sitepe, kenaka yang'anani ngati katoniyo yakwera kapena ikubaya. Ikakwera, pitani ndi jinziyo kwa atelala a mumsika. Nsalu ya mkati mwa thumba la kutsogolo ndi yapayokha, siyoneka kunja. Amasula msoko wa pansi n'kulumikiza kansalu ka masentimita atatu kapena anayi. Muwauze asoke kawiri, chifukwa magalamu 200 akamagunda pa msoko umodzi tsiku ndi tsiku, umaphwasuka.