Luzi ya zaka zoyambirira sibweza msonkho, imangoukankhira mtsogolo

"Ndikukonza mapepala opemphera ngongole ya fakitale yoyenga mafuta a mpendadzuwa. Zaka ziwiri zoyamba zikuonetsa luzi. Pa mzere wa msonkho ndilembe ziro, kapena MRA idzandibwezera kenakake?"

Achimwene, lembani ziro, koma luziyo musayitaye. MRA sipereka cheke kwa kampani chifukwa yaluza. Chomwe lamulo la msonkho limalola ndi kusunga luziyo n'kudzaichotsera pa phindu la zaka zotsatira, mpaka zaka 6. Msonkho wa kampani yolembetsedwa kuno ku Malawi ndi 30 peresenti, ndiye K1 iliyonse ya luzi idzakupulumutsirani matambala 30, koma pokhapokha phindu litabwera.

Tiyerekeze ndi manambala anga ongopeka. Chaka choyamba mwaluza K40 miliyoni, chachiwiri K20 miliyoni, ndiye mwasunga luzi ya K60 miliyoni. Chaka chachitatu mwapindula K30 miliyoni. Luzi ija imeza phindu lonselo, msonkho palibe, ndipo yatsala K30 miliyoni. Chaka chachinayi phindu ndi K50 miliyoni, muchotsapo K30 miliyoni yotsala ija, n'kukhomera msonkho pa K20 miliyoni yokha, womwe ndi K6 miliyoni. Chaka chachisanu luzi yatha, phindu la K60 miliyoni likhomeredwa lonse, K18 miliyoni. Pamodzi mwalipira K24 miliyoni, pamene popanda kusunga luzi mukanalipira K42 miliyoni.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa Excel. Amachulukitsa phindu ndi 30 peresenti mzere wonse, ndiye zaka za luzi zimatulutsa msonkho wa mayinasi, ngati kuti K12 miliyoni ikulowa chaka choyamba ndi K6 miliyoni chachiwiri. Chopusitsa chake n'chakuti mukawonkhetsa zaka zonse zisanu mupezabe K24 miliyoni yomwe ija, ndiye munthu amati zili bwino. Ayi ndithu. K18 miliyoni yopulumutsidwayo imabwera K9 miliyoni chaka chachitatu ndi K9 miliyoni chachinayi. Mukaibweza ku mtengo wa lero pa 20 peresenti pachaka, ya pa Excel ija ikwana pafupifupi K14.2 miliyoni, pamene yeniyeni ndi K9.5 miliyoni basi. Projekiti mwaikometsa ndi ndalama zoposa K4.5 miliyoni zomwe kulibe. Choipitsitsa, mwadzilembera K18 miliyoni m'zaka zomwe mukufunika ndalama zogulira mpendadzuwa kwa alimi ndi kubweza ngongole, ndipo wa kubanki wodziwa ntchito amayamba kuyang'ana pomwepo.

Kukonza kwake, ikani mizere itatu yapadera: luzi yobwera nayo, luzi yagwiritsidwa ntchito, ndi luzi yotsala. Ngati phindu la chaka lili mu C10 ndipo luzi yobwera nayo ili mu C11:

```
C12 =MIN(C11,MAX(0,C10))
C13 =C11-C12+MAX(0,-C10)
C14 =30%*(MAX(0,C10)-C12)
```

C12 ndi luzi yagwiritsidwa ntchito, C13 ndi luzi yotsala. C13 ya chaka chino ndiyo imakhala luzi yobwera nayo ya chaka chamawa, ndipo C14 ndi msonkho womwe muchotse pa ndalama zotsala m'manja. Mukaona C14 ili ndi mayinasi paliponse, dziwani kuti penapake palakwika.

Dziwaninso kuti luzi yomwe tikunenayi ndi ya pa msonkho, osati ya m'mabuku anu kapena kuchepa kwa ndalama ku akaunti. Kutha mphamvu kwa makina komwe akauntanti wanu amalemba, MRA imakuchotsa n'kuikapo ma alawansi ake a pa makina ndi nyumba za fakitale. Kwa opanga katundu ma alawansiwa amakhala aakulu chaka chogula makina, moti fakitale ikhoza kukhala ikugulitsa bwino, ndalama zikulowa, koma pa msonkho ikuoneka yoluza. Luzi yotereyi ndi yokoma. Koma ikakula kwambiri pamene phindu likukwawa, zaka 6 zija zimatha isanagwire ntchito yonse, yotsalayo n'kupsa. Mizere itatu ija siona zimenezi, ndiye phindu likamachedwa muzisunga luzi ya chaka chilichonse payokha. Komanso luzi sikwezedwa mitengo ikamakwera: K40 miliyoni ya lero idzachotsedwa ngati K40 miliyoni yomweyo, kwacha itafooka kale.

Msonkho wa mayinasi uja umakhala woona pamene fakitaleyo ili mkati mwa kampani yomwe ikupindula kale ndi malonda ena, chifukwa luzi imachepetsa msonkho wa chaka chomwecho. Mukatsegula kampani yatsopano, luziyo ndi yake yokha, singasamukire ku kampani ina ngakhale zonse zili zanu. Ndiye yankhani kaye funso loti fakitaleyo idzakhala mu kampani yakale kapena yatsopano musanadzaze mzere wa msonkho, ndipo zaka zoluzazo muzikaperekabe malitani ku MRA, poti luzi yomwe simunaionetse nthawi yake idzakuvutani kuiteteza chaka chachitatu chikafika.