Alifa yakwera, koma kodi mukuyezadi maganizo a alimi?

"Ndine mtsikana wophunzira kuno ku Chipata, ndikufufuza maganizo a alimi pa ulimi wa gamphani, wobzala m'maenje osagaula munda wonse. Ndinalemba ziganizo zisanu za sikelo ya Likert, mayankho kuyambira 1, kukanitsitsa, mpaka 5, kuvomerezeratu. Nditayesa pa alimi 30, alifa ya Cronbach, nambala yoyeza kudalirika kwa sikelo, yatuluka 0.29. Mnzanga akuti ndizingochotsa ziganizo mpaka ifike 0.7, basi sikelo yakhala bwino. Kodi n'zoona? Ziganizozo ndatumiza."

Mlongo wanga, musachotse kanthu kaye. Yang'anani chiganizo chanu chachinayi, chija chakuti "Kukumba maenje a gamphani n'kutaya nthawi." Zinayi zinazo zikuyamikira gamphani, ichi chokha chikuinyoza. Mlimi woikonda apereka 5 pa zinazo ndi 1 pa ichi, ndipo mukaphatikiza manambalawo momwe alili, chiganizochi chimakokera kumbuyo zinzake. Chiyenera kutembenuzidwa: chotsani yankho lililonse pa 6, kuti 1 akhale 5, 2 akhale 4, ndipo 3 atsale pomwepo. Mu SPSS, pulogalamu ya pakompyuta yosanthula manambala, mungalembe motere:

```
COMPUTE q4r = 6 - q4.
EXECUTE.
```

Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, nayi njira yowerengera alifa imene Lee Cronbach anafalitsa mu 1951:

```
alpha = k/(k-1) * (1 - sum(var_i)/var_total)
```

Apa `k` ndi chiwerengero cha ziganizo, `var_i` ndi kumwazikana kwa mayankho pa chiganizo chilichonse, `var_total` ndi kumwazikana kwa mapointi onse a munthu ataphatikizidwa. Mayankho a alimi anu simunatumize, ndiye tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Tinene kuti kumwazikana kwa ziganizo zisanuzo ndi 1.2, 1.0, 1.4, 1.1 ndi 1.3, pamodzi 6.0. Chachinayi chisanatembenuzidwe, `var_total` ikhale 7.8. Gawani 6.0 ndi 7.8 mupeza 0.77, chotsani pa 1 kutsala 0.23, chulukitsani ndi 1.25, alifa ndi 0.29. Mukachitembenuza, 6.0 ija sisintha, koma ziganizo zonse zayamba kulowera kumodzi ndipo `var_total` ikhoza kukwera kufika 15.0. Tsopano 6.0 kugawa ndi 15.0 ndi 0.4, kutsala 0.6, kuchulukitsa ndi 1.25, alifa ndi 0.75. Alimi omwewo, mayankho omwewo.

Umboni wake uli pa tebulo lomwe limatuluka mu `Reliability Analysis` mukasankha `Scale if item deleted`. Pa mzere wa `Corrected Item-Total Correlation`, chiganizo choiwalika kutembenuza chimaonetsa nambala yokhala ndi kamzere ka kuchotsera kutsogolo. Ngati mwatembenuza kale koma china chikadali pansi pa 0.3, chimenecho ndiye chokayikitsa, komabe muyambe mwachiwerenga n'kumvetsa vuto lake musanachitaye.

Tinene kuti 0.75 yatulukadi. Chomwe mwapeza n'chakuti sikelo yanu ndi yodalirika mbali imodzi: ziganizo zake zimayankhidwa mogwirizana. Mbali ina ndi ya nthawi. Bwererani kwa alimi omwewo patapita masabata awiri, muwafunsenso, muone ngati amene anali pamwamba akadali pamwamba. Musadikire miyezi, chifukwa mlimi wofunsidwa mu Okutobala akutuluka thukuta pa nthaka youma si yemweyo wofunsidwa mu Epulo chimanga chitacha, ndipo kusintha kumeneko n'kwa maganizo enieni, osati kulakwa kwa sikelo.

Koma kudalirika si kulondola, ndipo apa ndi pomwe malangizo a mnzanuyo akuperewera. Sikelo ya wogula soya yomwe imaonetsa makilogalamu 45 nthawi zonse pa thumba la 50 ndi yodalirika kwambiri, siphonya, koma ikunama. Alifa siingakuuzeni ngati mukuyeza maganizo pa gamphani kapena chinthu china chomwe changovala dzina lake. Ndipo kuikweza n'kosavuta: lembani chiganizo chimodzi m'njira khumi zosiyana pang'ono, idzapitirira 0.9, koma mudzakhala mwafunsa funso limodzi kakhumi.

Kwathu kuno chinthu china chimenecho nthawi zambiri ndi ulemu ndi chiyembekezo. Mlendo wafika pamudzi ndi mapepala, wadzera kwa a mfumu, mwinanso waperekezedwa ndi alangizi a zaulimi omwe akhala akuphunzitsa gamphani yomweyo. Agogo akhala pamphasa, akuwerengeredwa kuti "Gamphani imathandiza chimanga mvula ikadula." Adzati chiyani? "Ee, n'zoona mwana wanga." Ena m'mutima akuganiza kuti mayina akulembedwawa ndi a olandira mbewu ndi feteleza. Mayankho otere amagwirizana bwino zedi, alifa imasangalatsa, koma mwayeza kufuna kukondweretsa mlendo. Chiganizo chachinayi chija n'chothandiza pomwepa, n'chifukwa chake ndikukana kuti chichotsedwe: munthu amene wapereka 5 pa "ndingalimbikitse mnansi wanga" n'kuperekanso 5 pa "n'kutaya nthawi" akungovomera zilizonse, kapena sanamve funso. Awerengeni anthu otere. Akachuluka, vuto lili pa kafunsidwe, ndipo muyenera kunena poyamba kuti simunabwere ndi thandizo lililonse, komanso kufunsa alangizi atapita.

Kulondola kulibe nambala imodzi, kumamangidwa ndi maumboni angapo. Woyamba ndi wa zomwe zili m'ziganizo. Zanu zikukamba za chinyezi, zokolola ndi kukumba, koma palibe chokhudza udzu, pomwe kupalira ndi limodzi mwa madandaulo akulu a munda wosagaula, ndipo kawirikawiri ntchitoyo imagwera amayi. Munthu akhoza kuvomereza kuti maenje amasunga madzi koma n'kudana ndi gamphani chifukwa cha udzu, sikelo yanu osamuona. Onetsani ziganizozo kwa alangizi awiri atatu ndi alimi odziwa, muwafunse chomwe chasowa. Chachitatu chija, "Ndikufuna kukulitsa munda wanga wa gamphani chaka chamawa," nachonso chili ndi msampha: wopanda malo owonjezera adzakana ngakhale amaikonda.

Kenako khalani pansi ndi alimi asanu kapena asanu ndi mmodzi, aliyense payekha, muwerenge chiganizo, iye akuuzeni m'mawu ake zomwe wamva ndi chifukwa chake wasankha yankho limenelo. Ntchitoyi ndi ya tsiku limodzi koma imavumbula zambiri. Mudzapeza kuti 3 kwa wina ndi "zili pakatikati", kwa wina ndi "kaya, sindinayesepo", zinthu ziwiri zosiyana zomwe zikufunika malo osiyana papepala. Mudzaonanso ngati kusiyana kwa 4 ndi 5 kukumveka pongowerengeredwa. Kukavuta, funsani kawiri: poyamba "mukuvomera kapena mukukana?", kenako "pang'ono kapena kwambiri?" Ngati kafukufuku afika ku Petauke kapena ku Lundazi, kumene ambiri amalankhula Chinsenga kapena Chitumbuka, kuyesaku kuchitikenso kumeneko.

Umboni womwe ine ndimaukhulupirira kwambiri ndi wa magulu odziwika kale. Pezani alimi omwe akhala akulima gamphani zaka zingapo popanda wowapatsa kanthu, ndi ena omwe anayesa n'kusiya. Mapointi a sikelo yanu amayambira pa 5 kufika 25. Ngati oyambawo akuzungulira pa 21 ndipo osiyawo pa 12, sikelo ikugwira china chake chenicheni. Magulu onse akatuluka pa 22, musanyadire kuti alimi onse amakonda gamphani, bwererani ku ziganizo. Ndipo mvula isanagwe pitani kuminda mukaone amene akumbadi maenje. Sizidzafanana ndendende, poti wina amaikonda koma wadwala kapena alibe omuthandiza, komabe amapointi okwera ayenera kupezeka ambiri pakati pa okumba.

Polemba lipoti, ikani alifa pamodzi ndi chiwerengero cha ziganizo ndi cha anthu, ndipo muiwerengerenso pa kafukufuku wamkulu, chifukwa ya anthu 30 imagwedezeka kwambiri. Zokhudza kulondola zikhale pa ndime yakeyake, yofotokoza amene anaunika ziganizo, zomwe munasintha mutacheza ndi alimi, ndi mmene magulu awiri aja anasiyanira.