Nyanja ikapendekeka pachithunzi, amalipira ndi mapazi a anthu

"Achimwene, ndinajambula amayi anga atayima m'mphepete mwa nyanja, koma nyanjayo yapendekeka ngati madzi akufuna kutayikira kumanzere. Ndawongola pa pulogalamu yokonzera zithunzi ya GIMP, ndiye m'makona onse anayi mwatsala mopanda kanthu. Ndikadula, mapazi awo akupita. Nditani?"

Chemwali, kalata yanuyi yanditosa pachilonda. Ine zinandionekera ku Senga Bay, tsiku la ukwati wa msuweni wanga. Anandipatsa ntchito yojambula poti ndinali ndi kamera, osati poti ndinkadziwa. Titatuluka kutchalitchi tinapita kumchenga, dzuwa likupendeka, ine phazi limodzi likutitimira, kwinaku ndikukuwa kuti aperekezi afinyikane kuti onse akwane. Anakwanadi, ndendende, wakumapeto phewa lake likugunda m'mphepete mwa chithunzi. Ndinabwerera kunyumba ndikudzitama.

Usiku pakompyuta ndi pamene ndinaona kuti nyanja yonse yatsetserekera mbali imodzi ndi madigiri asanu. Mukamva madigiri asanu mumaona ngati n'zochepa. Chithunzicho chinali cha mapikiselo 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi. Nditachizunguza n'kudula makona opanda kanthuwo, osasintha kaonekedwe kake, chinatsala pafupifupi 5320 ndi 3550. Gawo limodzi mwa magawo asanu a chithunzi linapita, ndipo silinapite pakati pamene panali thambo lopanda ntchito ayi, linapita m'mbali monse mozungulira. Mperekezi wakumapeto anatsala theka, mchira wa diresi la mkwatibwi unaduka. Azakhali ataona anangofunsa kuti, "Kodi mwana wa eniakeyu anakulakwira chiyani?" Mpaka lero pamaliro kapena pachinkhoswe nkhaniyi siilephera kutuluka.

Chimene chimachitika n'chosavuta. Tengani mapepala awiri ofanana, muwasanjike, kenako mupotoze lapamwamba pang'ono. Makona ake atulukira kunja, ndipo m'makona a lapansi mwatsala mipata yonga mphini. Kuti mipatayo isaoneke muyenera kudula kachithunzi kocheperako mkati. Foni imachita zomwezi, kungoti imabisa. Mukamawongola pa Google Photos chithunzi chimakula chokha pamene mukuzunguza, ndiye anthu amaganiza kuti sanataye kanthu. Ataya, sanangoona mphinizo.

Apa ndinene zimene ena sakondwa nazo. Ine kudzaza makona ndi zinthu zopeka ndimadana nako. Photoshop ili ndi Content-Aware, Snapseed ili ndi Expand, ndipo pathambo loyera kapena pamchenga wosalala zimagwiradi, sindikana. Koma pakona pakakhala chitenje, ukonde kapena mutu wa bwato, mumapeza maluwa a chitenje abwerezedwa kawiri, bwato lamera mphuno ina. Chithunzi cha amayi anu si malo oyeserera zimenezo. Ndipo chimandinyansa kwambiri ndi ojambula ena amene amapendeketsa dala n'kumati ndi luso. Mukafuna kupendeketsa, pendeketsani kwambiri kuti aliyense adziwe kuti n'dala. Madigiri awiri amangooneka ngati munajambula mutalawako.

China chimene ndinachedwa kudziwa: si mzere uliwonse umene uyenera kugona mowongoka. Pamene madzi akumana ndi thambo, pamenepo ndiye podalirika, chifukwa madzi sapendekeka. Koma gombe lokhota ngati la ku Cape Maclear, kapena mzere wa mapiri, ukhoza kukwera mbali imodzi kamera ili bwinobwino. Ndinawongolapo chithunzi potsata gombe, anthu onse n'kutsala atatsamira ngati chimanga chogwa ndi mphepo. Ngati madzi sakuoneka, tsatani chinthu choyima chimene chili pakati pa chithunzi, monga felemu ya chitseko, osati cham'mbali, poti zam'mbali zimapendekera mkati kamera ikaloza m'mwamba.

Tsono za amayi anu

Bwererani ku chithunzi choyambirira, chifukwa kuzunguza kawiri katatu kumachifewetsa. Pa GIMP dinani Shift+M, kokani mzere potsata madzi kuchokera mbali ina kufika mbali ina, muwerenge madigiri. Pa Clipping sankhani Adjust, osati Crop with aspect, kenako dinani Straighten. Mukatero dulani nokha ndi Shift+C, mutachotsa chizindikiro pa Fixed. Bokosi lodulira litsitseni m'munsi mpaka mapazi akwane, mphini muzipewe pochepetsa m'mbali ndi kumwamba, kumene kuli madzi ndi thambo basi. Amayiwo akakhala chapakati, mapazi amapulumuka, chifukwa mphini zimanenepa kumakona n'kumaonda polowera pakati. Chithunzi chikatuluka chopapatiza, musadandaule, chidzakwana felemu yoyimirira.

Akakhala kuti anayima kukona kwenikweni, wongolani theka lokha la madigiriwo, muone ngati diso likulolera. Cha ukwati chija ndinachisiya pa madigiri awiri, mperekezi n'kubwezeredwa phewa lake, ndipo chikadali pakhoma kwa azakhali.