Nambala ya sipeya ikukanidwa pomwe ndi yomweyo: chilembo O kapena ziro?

"Ndili ndi shopu ya masipeya a galimoto ku Kamwala. Mndandanda wa katundu umabwera m'Chijapani, ndiye ndinalipira mnyamata wina kuti aumasulire ndi kuulemba mu Excel. Tsopano ndikafufuza nambala ya fyuluta ya oyilo, kompyuta ikuti palibe, chonsecho ndikuiona pamzerepo. Wogulitsa wa kunja nayenso wabweza oda yanga, akuti nambala zina sazidziwa. Chalakwika n'chiyani?"

Amayi, ndikukayikira kwambiri kuti vuto lili m'mawu amene anamasulira. Lili m'manambala amene sanayenere kukhudzidwa. Nambala ya sipeya si mawu oti munthu angawamve tanthauzo n'kuwalemba mwa njira ina. Chilembo chimodzi chikasintha, kwa kompyuta imeneyo ndi katundu wina, kapena katundu yemwe kulibe.

Titenge fyuluta yeniyeni ya Toyota, 04152-YZZA1. Imayamba ndi ziro ndipo imathera ndi wani. Munthu amene akukopera kuchokera pachithunzi cha pa WhatsApp, kapena papepala la fotokope yosaoneka bwino, akhoza kulemba O4152-YZZA1 ndi chilembo O, kapena 04152-YZZAl ndi l wamng'ono kumapeto. Pulogalamu yowerenga zilembo pachithunzi imachitanso zomwezo, makamaka pamene manambala ndi zilembo zasakanikirana ngati mmenemu, chifukwa palibe mawu odziwika oti aithandize kusankha. M'mawu wamba maso athu amakonza okha: mukaona "Coro11a" mudziwa kuti ndi Corolla. Koma mu YZZA1 mulibe chokuuzani kuti chomaliziracho ndi wani, l kapena I wamkulu.

Kompyuta siyang'ana maonekedwe. Chilembo chilichonse chili ndi nambala yake mu dongosolo la Unicode, ndipo imayerekeza manambala amenewo. Ziro ndi 48, O wamkulu ndi 79. Wani ndi 49, I wamkulu ndi 73, l wamng'ono ndi 108. Choncho m'malo motopetsa maso, ifunseni Excel. Ngati nambala yokayikitsayo ili mu A2, lembani izi m'mabokosi apambali:

```
=UNICODE(MID(A2,1,1))
=UNICODE(RIGHT(A2,1))
=LEN(A2)
```

Pa 04152-YZZA1 yolondola, yoyamba ikupatsani 48, yachiwiri 49, yachitatu 11, ndiye kuti zilembo khumi ndi kamzere kapakati. Mukapeza 79 poyamba, O walowa m'malo mwa ziro. Mukapeza 108 kapena 73 kumapeto, wani wasinthidwa. Mukapeza 12 pa LEN, nthawi zambiri pali kampata kobisika kutsogolo kapena kumapeto.

Pali yankho lina limene lingakudabwitseni, ndipo poti mndandanda wanu ndi wa Chijapani ndikuliyembekezera kwambiri: 65296. Ameneyu ndi ziro ndithu, koma ziro wotambalala amene amalembedwa limodzi ndi zilembo za Chijapani ndi Chitchaina kuti atenge malo ofanana nazo. Amaoneka ngati ziro wathu, kungoti wanenepako pang'ono ndipo watalikirana ndi anzake. Apa womasulira akhoza kukhala kuti sanalembe chilichonse ndi dzanja, anangokopera kuchokera m'fayilo ya wogulitsa, koma mapulogalamu ambiri samamuona kukhala wofanana ndi ziro wa 48. Kamzere kapakati nakonso kali ndi abale ake. Kathu ka masiku onse ndi 45, kotambalala ndi 65293, ndipo chizindikiro cha Chijapani chotalikitsa katchulidwe, 12540, chimaoneka ngati kamzere nachonso. Kuti muone kamzere ka fyuluta yathuyi, sinthani 1 woyamba mu MID akhale 6. Ngati katundu wina amachokera kwa ogulitsa olemba Chirasha, O wawo ndi 1054, ndipo ameneyo ngakhale mutakulitsa zilembo chotani simungamusiyanitse ndi wathu.

Mizere ikakhala yambiri simungaunike umodziumodzi. Manambala a masipeya a Toyota amakhala ndi zigawo ziwiri za zilembo zisanu zisanu, ndipo chigawo choyamba kawirikawiri chimakhala manambala okhaokha. Lembani izi pamzere woyamba, kenako muzikokere pansi mpaka kumapeto:

```
=ISNUMBER(VALUE(LEFT(A2,5)))
```

Paliponse pamene patuluka FALSE, mwalowa chilembo m'chigawo choyamba, ndipo mizere imeneyo ndiyo muyambe nayo. Njirayi siigwira cholakwa cha m'chigawo chachiwiri, chifukwa mmenemo zilembo ndi zololedwa. Kumeneko muyenera kuyerekeza ndi chinthu chodalirika: nambala yosindikizidwa pabokosi lenilenilo, kapena fayilo ya wogulitsa yomwe sinadutse m'manja mwa wina. Ikani manambala awiriwo pambali ndi pambali, wina mu A2 wina mu B2, mulembe `=EXACT(A2,B2)`; pakatuluka FALSE ndiye kuti akusiyana. Musinthenso kalembedwe ka danga la manambala kakhale Consolas, chifukwa ziro wake ali ndi kamzere kodutsa pakati, ndipo wani, I ndi l amasiyana bwino.

Chimene ndikukupemphani kuti musachite ndi kuuza Excel kuti isinthe O aliyense akhale ziro m'fayilo yonse. TOYOTA adzakhala T0Y0TA, DENSO adzakhala DENS0, ndipo mudzakhala mwaononga mayina amene anali abwinobwino. Sinthani m'danga la manambala lokha, ndiponso pokhapokha mukudziwa lamulo la wopanga katunduyo. Lamulo limodzi losakayikitsa ndi la VIN, nambala ya galimoto ya zilembo 17: mulibe I, O kapena Q, ndipo anazisiya dala kuti zisasokonezeke ndi wani ndi ziro. Mukaona O mu VIN, walakwitsa ndi wokopera. Koma kumbukirani kuti galimoto zambiri zolowa pa Nakonde zinapangidwira msika wa ku Japan, ndipo zimakhala ndi nambala ya chasisi yaifupi, yoyamba ngati NZE121, m'malo mwa VIN ya zilembo 17.

Mayina nawonso muwaunike. Injini ya 1NZ-FE ndimaiona kawirikawiri italembedwa INZ-FE pamalisiti ndi pazikwangwani za m'tauni. Makanika wa ku Chawama kapena ku Matero amva chimene mukutanthauza, koma kompyuta ya wogulitsa siimva. Mayina a injini za Toyota ngati imeneyi amayamba ndi nambala, monga 1NZ ndi 2NZ, ndiye chilembo I poyambapo n'cholakwika. Galimoto ya Toyota ist ndi yosiyana: choyamba chake ndi chilembo i, ndipo ikalembedwa 1ST kapena lst siipezekanso mukaifufuza.

Pa mndandanda wotsatira, pemphani wogulitsa akutumizireni fayilo ya Excel kapena CSV, osati chithunzi. Womasulira mumuuze kuti ntchito yake ili m'danga lofotokoza katundu basi. Danga la manambala ndi mayina a mitundu ya galimoto asalembemo kanthu, ndipo mukhoza kulitseka ndi Protect Sheet, mutayamba mwachotsa Locked pa danga lofotokoza katundu kuti ilo lisatsekeke. Danga limenelo muliike pa Text musanathiremo manambala. Mukapanda kutero, nambala yopanda kamzere ngati 0446512592 Excel idzaiona ngati nambala yowerengera n'kuchotsa ziro woyambayo, ndipo LEN idzakupatsani 9 m'malo mwa 10. Fayilo ya CSV musaitsegule pongoidina kawiri, chifukwa ziroyo akhoza kuchotsedwa nthawi yomweyo. Ilowetseni kudzera pa Data, From Text/CSV, ndipo muonetsetse kuti danga la manambala lalowa ngati Text.

Za oda imene yabwezedwa ija, pemphani wogulitsa akulembereni manambala enieni amene wakana. Yambani ndi amenewo, muwayese ndi UNICODE ndi LEN. Mukapeza kuti onse ali ndi 79 kapena 108, cholakwacho chinabwera pokopera, ndipo mizere yonse imene mnyamatayo analemba ndi dzanja iyenera kuyerekezedwa ndi mabokosi. Mukapeza 65296, cholakwacho chili m'fayilo yoyambayo, ndipo kusintha zilembo zotambalalazo m'danga la manambala kukonza mndandanda wonse nthawi imodzi.