Chipepeso cha m'Chitaliyana kwa abambo mfumu amene mayi awo atisiya

"Abale, abambo mfumu a ku Bergamo amene anatumikira pa parishi yathu zaka zambiri, mayi awo atisiya kwawoko. Ife amayi a m'parishi tikufuna kulemba chipepeso m'Chitaliyana kuti ndi abale awo omwe awerenge. Tilembe bwanji mwaulemu?"

Pepani amayi ndi zovutazi. Lembani mwachidule, chifukwa Ataliyana uthenga wa maliro saukoka. Mizere inayi kapena isanu yakwana, ndipo palibe amene angakuyeseni ouma mtima. Mutha kulemba chonchi:

Caro Padre,
abbiamo appreso con profondo dolore la notizia della scomparsa della Sua cara mamma. Porgiamo a Lei e alla Sua famiglia le nostre più sentite condoglianze. Le siamo vicine con l'affetto e con la preghiera. Il Signore la accolga nella pace eterna.
Con affetto e riconoscenza,
le donne della parrocchia di

Dzina lawo muliike pambuyo pa Padre, la parishi pambuyo pa di. M'chathu uthengawu ukunena kuti: tamva ndi chisoni chachikulu za imfa ya mayi anu okondedwa, tikupepesa inu ndi banja lonse, tili nanu m'chikondi ndi m'mapemphero, Ambuye awalandire mu mtendere wosatha.

Ulemu wonse wagona pa Lei, Le ndi Sua. Ndi "inu" wawo ameneyo, ndipo m'kalata yaulemu amayamba ndi chilembo chachikulu ngakhale ali pakati pa chiganizo. Mukaona tu, ti kapena tua, dziwani kuti ndi "iwe". Abambowo mwina munazolowerana nawo, koma poti kalata idzawerengedwa ndi abale awo amene sakukudziwani, musachoke pa Lei.

Pamene ndikupempha kuti musamale kwambiri ndi pa mzere wa pemphero uja. Mu la accolga, la ameneyo ndi mayi omwalirawo, ndipo akhale wa chilembo chaching'ono. Wina poti waona Sua ndi Le zili zazikulu angaganize kuti mwaiwala, n'kukonza kuti La accolga. Akatero ndiye kuti mwapempha Ambuye kuti alandire abambo mfumuwo, omwe ali moyo. Musanatumize muyang'anitsitse pamenepo, makamaka ngati wolemba pa foni ndi mwana amene wangotumidwa.

Liwu lakuti vicine nalo limatsata olemba. Poti ndinu amayi okhaokha, vicine ali bwino. Mukaphatikiza abambo a m'tchalitchi, ngakhale mmodzi yekha, likhala vicini, ndipo pansi musayine kuti i fedeli della parrocchia di. Munthu akamalemba yekha asinthe zonse: ho appreso, porgo, le mie più sentite condoglianze, kenako Le sono vicina ngati ali wamkazi, vicino ngati ali wamwamuna.

Pali mawu ena oti muwapewe. "Pepani" wathu musamusandutse scusi kapena scusa, chifukwa amenewo amanena munthu amene walakwa, monga wakupondani phazi m'basi. Pa maliro amati condoglianze, kapena mi dispiace tanto ngati mukulankhula pakamwa. Imfa m'kalata amakonda kuitchula kuti scomparsa kapena perdita, pomwe morte amamveka owawa kwa oferedwa. Potseka musalembe distinti saluti, amenewo ndi a makalata a ku ofesi.

Ine ndikadawonjezera chiganizo chimodzi chochokera mumtima mwanu, chifukwa mawu ena onsewa banja liwalandira kwa anthu ambiri. Mayi amene analola mwana wawo kukatumikira kutali chonchi ayenera kuthokozedwa. Ikani ichi patsogolo pa pemphero lija: Le siamo grate per averci donato suo figlio, kutanthauza kuti tikuwathokoza potipatsa mwana wawo. Koma Le woyamba chiganizo angasokoneze poti angamveke ngati akunena abambo mfumuwo, ndiye m'malo mwake ndi bwino kulemba motere: Siamo grate alla Sua mamma per averci donato suo figlio. Apa suo ndi wamng'ono poti mwanayo ndi wa mayiwo.

Tumizani lero lomwe pa foni, chifukwa kumeneko maliro kawirikawiri amaikidwa pakangopita masiku awiri kapena atatu. Mukachedwa musagwe mphwayi: amachitanso Misa ya tsiku la 30, yomwe amaitcha trigesimo, ndipo khadi lolembedwa pamanja likafika nthawi imeneyo limalandiridwa bwino. Za ndalama ya chipepeso, musaike mu envulopu monga tichitira kuno, mabanja ambiri kumeneko zingawadabwitse. Perekani Misa pa parishi panu, muwauze tsiku lake pansi pa uthenga: Faremo celebrare una Messa in suffragio il giorno, kenako mulembe detilo.