Kupeza ngodya yopambana pa girafu yojambulidwa pa foni

“Zikomo aphunzitsi, ndine wa Fomu 4 ndipo mnzanga wanditumizira pa foni chithunzi cha funso la liniya pulogilamingi, koma anachijambula mopendekeka ndipo mawu a pansi pa girafu anadukako. Akufuna mtengo waukulu wa P = 2x + 5y. Sindikudziwa ngati nditenge mbali yodetsedwa kapena yoyera, ndipo pamene mizere iwiri yadutsana pakuoneka ngati (6, 5). Ndichite bwanji?”

Chithunzi chanucho ndachiona bwino, ndipo tiyambe ndi za kudetsa, chifukwa olemba mabuku sagwirizana pa nkhaniyi: ena amadetsa chigawo chofunika, pamene mabuku ambiri otsata kalembedwe ka ku Britain amadetsa mbali yosafunika n'kusiya chigawo chofunikacho chili choyera. Pa girafu yanu funso lenilenilo likutiuza zoona. Mbali yodetsedwa ili kunja, ndipo ikupitirira kumwamba ndi kudzanja lamanja popanda malire, kotero kuti tikanaitenga, P akanangokulirakulira osafika pothera. Choncho chigawo chathu ndi choyera chija cha mbali zinayi, chomwe chatsekedwa ndi mzere wa x, mzere wa y ndi mizere iwiri yopendekeka.

Pa za (6, 5), musakhulupirire maso. Foni ikapendekeka, timabokosi ta pepala tomwe tili kutali ndi kamera timaoneka tating'ono kuposa ta pafupi, ndipo rula yoikidwa pa chithunzi chotere imanama. Malo odalirika ndi pamene mzere wadula mzere wa x kapena wa y, popeza manambala alembedwa pomwepo. Mzere woyamba wadula pa (10, 0) ndi (0, 10), ndiye kuti ndi x + y = 10. Wachiwiri wadula mzere wa y pa 6 ndi mzere wa x pa 18, ndiye kuti x/18 + y/6 = 1, ndipo tikachulukitsa mbali zonse ndi 18 tipeza x + 3y = 18. Chigawo choyera chili pansi pa mizere yonse iwiri, choncho malamulo ake ndi x + y ≤ 10, x + 3y ≤ 18, x ≥ 0 ndi y ≥ 0.

Tsopano ngodya yovutayo tiipeza powerengera. Chotsani x + y = 10 mu x + 3y = 18, mutsala ndi 2y = 8, kutanthauza kuti y = 4, ndipo x = 6. Ngodyayo ndi (6, 4). Mukanatenga (6, 5) mukanapeza P = 37, nambala yokopa ndithu, koma 6 + 5 ndi 11, yomwe yaposa 10, ndiye kuti malowo ali m'mbali yodetsedwa ndipo saloledwa. Ngodya iliyonse yomwe mwaiwerenga pa chithunzi muziiyesa motere m'malamulo onse musanaigwiritse ntchito.

Ikani ngodya zinayi zonse mu P = 2x + 5y. Pa (0, 0) P ndi 0, pa (10, 0) ndi 20, pa (0, 6) ndi 30, ndipo pa (6, 4) ndi 12 + 20, yomwe ndi 32. Yankho ndi 32, pamene x = 6 ndi y = 4.

Ndibwino mudziwenso chifukwa chimene timangoyang'ana ngodya, osati malo a m'kati. Malo onse opereka P = 10 ali pa mzere umodzi wowongoka, 2x + 5y = 10, wodutsa pa (5, 0) ndi (0, 2). Malo opereka P = 20 ali pa mzere wina wopendekeka chimodzimodzi, koma wotalikirako ndi (0, 0). Mukajambulanso girafuyi pa pepala lanu, zomwe ndikukulangizani kwambiri, gonekani rula pa mzere wa P = 10 n'kuisunthira kunja osaipotoza; malo omaliza a chigawo choyera amene rulayo iwakhudze isanatulukiretu ndi (6, 4). Ili pamenepo chifukwa kupendekeka kwa rula, komwe ndi −2/5, kuli pakati pa kwa mizere iwiri yokumana pa ngodyayo, komwe ndi −1 ndi −1/3.

Pachifukwa chomwechi, musaganize kuti podutsana mizere ndi pamene pamapambana nthawi zonse, ngakhale ophunzira ambiri amathamangira pomwepo. Funso likanati P = 2x + 7y, pa (6, 4) mukanapeza 40 pomwe pa (0, 6) mukanapeza 42. Likanati P = 2x + 6y, ngodya ziwirizi zikanafanana pa 36, limodzi ndi malo onse a pa mzere wozilumikiza.

Chinthu chimodzi chokha mumfunse mnzanuyo: ayang'ane pa pepala lenileni ngati x + y = 10 ndi mzere wathunthu kapena wa timadontho, chifukwa pa chithunzi mbali imeneyo sikuoneka bwino. Ukakhala wa timadontho, lamulo ndi x + y < 10 ndipo (6, 4) sawerengedwa. Pamenepo, ngati x ndi y ayenera kukhala manambala athunthu, muyese malo ololedwa oyandikira mzere wachiwiri, ndipo mudzapeza kuti (3, 5), yopereka 31, yaposa (5, 4) ndi (0, 6), zomwe zonse zikupereka 30.